Kusaina mgwirizano wa lendi pa foni: siginecha payokha sikutetezani

Nyumba yomwe ndikukhala pano ku Eliya 49 eni ake ali ku Joni, ndiye zonse timapangira pa foni, kuyambira kukambirana lendi mpaka kusainirana mapepala. Chaka choyamba ndinapanga zomwe anthu ambiri amapanga. Ananditumizira mgwirizano wa masamba atatu pa WhatsApp, ine ndinawerenga pa foni pomwepo, kenako nkupita kokapulinta mtauni, ndipo poona kuti tsamba lililonse ndi ndalama ndinangopulinta lomaliza lokha, lija lili ndi mizere yosainapo. Ndinasaina ndi bolopeni, kujambula, kutumiza. Iwo anayankha kachala kammwamba basi, ine nkutumiza K750,000 ya miyezi itatu, K250,000 pa mwezi, nkutenga makiyi kwa mphwawo amene amayang'anira nyumbayo.

Patatha miyezi 6 mphwawo uja anabwera kudzandiuza kuti malume ati lendi ikwera. Ine ndinati ayi achimwene, mesa tinagwirizana kuti mtengo sukusintha mpaka chaka chithe? Iye anatulutsa mapepala atatu omata ndi sitepula, lomaliza lili ndi siginecha yanga yeniyeni, koma lachiwiri likunena kuti lendi idzaunikidwanso pakatha miyezi 6. Sindikunena kuti madalawo anandibera dala, mwina anali ndi mafayilo awiri a Word, wakale ndi watsopano, nkusokoneza populinta. Koma ine ndinalibe pogwira. Foni yomwe inali ndi macheza athu aja inali itafa kale, ndipo chithunzi cha tsamba lachitatu chomwe ndinatumiza sichimanena chilichonse za zomwe zinali pa tsamba lachiwiri. Ndinalipira.

Kuyambira pamenepo ndinayamba kufufuza kuti kodi ma apu osainira aja amapanga chani kwenikweni, ndipo ndinaona kuti anthu timasokoneza zinthu zitatu zosiyana zomwe zonse timangozitcha kusaina pa foni.

Choyamba ndi chija mumajambula ndi chala pa sikirini. Mukatsegula PDF mu Adobe Acrobat Reader pamakhala Fill & Sign, pa iPhone pali Markup yomwe imabwera kale ndi foni, ma apu ngati Xodo nawonso ali nazo. Mumalemba siginecha kamodzi, apu nkuisunga, kenako mumangoiika pomwe mukufuna nkuikulitsa kapena kuichepetsa. Imeneyi ndi chithunzi basi, ngati sitika yomwe mwamata pa pepala. Fayiloyo payokha siidziwa kuti wamata ndani, liti, komanso ngati mawu apamwamba asinthidwa mutamata kale.

Chachiwiri ndi zija za makampani ngati DocuSign, pomwe wina amakweza fayilo, nkulemba ma imelo a anthu oyenera kusaina, aliyense nkulandira linki yake. Siginecha yooneka ndi maso ndi yomweija yojambula kapena kutaipa dzina, koma kuseri kwake kampaniyo imalemba kuti fayilo inatumizidwa ku imelo yakuti, inatsegulidwa nthawi yakuti, inasainidwa nthawi yakuti kuchokera pa adilesi ya intaneti yakuti. Onse akamaliza fayilo imatsekedwa, ndipo pamabwera tsamba lina lomwe DocuSign imalitcha Certificate of Completion, ndiye mbiri yonseyo ili mmenemo.

Chachitatu ndi siginecha ya masamu, ija imayenda ndi satifiketi. Apa kompyuta imawerengetsera fayilo yonse nkutulutsa nambala yaitali yomwe ili ngati chidindo cha chala cha fayiloyo, mukasintha ngakhale chilembo chimodzi nambalayo imasinthiratu, kenako nambalayo imakhomedwa ndi kiyi wachinsinsi wa wosainayo. Mukatsegula fayilo yotere mu Acrobat pa kompyuta pamwamba pamalembedwa Signed and all signatures are valid ngati sinakhudzidwe, ikakhudzidwa imakuchenjezani. Kutseka kwa makampani aja ndatchula kumagwiritsa ntchito masamu omwewa. Koma kunena zoona, pa lendi ya nyumba ku Eliya 49 kapena fomu ya mwana wa Fomu 1 palibe amene adzakufunseni satifiketi, ndiye sindichedwapo.

Kodi malamulo amavomera? Eya, kuno kwathu tili ndi lamulo la chaka cha 2016 lotchedwa Electronic Transactions and Cyber Security Act, ndipo bungwe la MACRA ndi lomwe limayang'anira zambiri za mmenemo. Lamuloli limavomereza kuti munthu atha kusaina pa makina mmalo mwa pepala. Koma mukaona zomwe limayembekezera kuti siginecha ikhale yodalirika, ndi zinthu zitatu: njira yosainirayo ikhale yolumikizika kwa wosainayo osati munthu wina, ikhale kuti inali mmanja mwake pa nthawi yosainayo, ndipo ngati wina wasintha kanthu pambuyo pake zizitha kudziwika. Tsono kasitika kaja kojambula ndi chala, pakokha, sikakwanitsa bwinobwino chilichonse mwa zitatuzi. Wina aliyense amene ali ndi chithunzi cha siginecha yanu atha kuidula nkuimata pena. Ndiye ngati mukugwiritsa ntchito njira yaulereyi, monga tonsefe, ntchito yotsekera mipatayo ndi yanu, apu sikupangirani.

Chaka chachiwiri pokonzanso mgwirizano ndinawauza madalawo mwaulemu kuti bambo, ulendo uno tipange mwadongosolo kuti tisadzavutane, ndipo anavomera, iwonso anali atatopa ndi zokokanakokana zija.

Ndinayamba ndi kuwapempha kuti atumize PDF osati Word. Fayilo ya Word pa foni imasuntha, mizere imalumpha, masamba atatu amasanduka anayi malingana ndi apu yomwe mwatsegulira, ndipo choipitsitsa aliyense atha kutaipamo mwangozi kapena mwadala. Akakutumizirani Word yomweyo itseguleni mu WPS Office kapena Word ya pa foni nkuisandutsa PDF nokha, kenako muwabwezere kuti iyi ndi yomwe tikusainirana, aione kaye avomere. Akakutumizirani zithunzi za mapepala, zija zopendekera zooneka ndi chala cha munthu pakona, apempheni asikane ndi Adobe Scan kapena kamera ya mu Google Drive, zimawongola pepala nkuphatikiza masamba onse mu fayilo imodzi. Mawu oti fayilo imodzi ndi omwe ndikufuna muwagwire, chifukwa zithunzi zitatu zosiyana palibe chomwe chikuzimanga pamodzi.

Kenako kudzaza. Mafomu a PDF alipo a mitundu iwiri ndipo mudziwa pongogwira. Mukadina pa mzere wa dzina nkuona kabokosi kakuwala, kiyibodi nkutuluka yokha, ndiye kuti fomuyo inapangidwa kuti izidzazidwa pa makina, mungotaipa basi. Mukadina koma osachitika kanthu ndiye kuti ndi pepala losikanidwa, apa mulowe mu Fill & Sign, mudine pomwe mukufuna kulemba, patuluka kabokosi komwe mutha kukakoka ndi chala. Vuto lake zilembo zimakonda kutuluka zazikulu nkukwera pa mawu a fomuyo, ndiye kulitsani tsambalo ndi zala ziwiri kaye musanaike, muchepetse zilembo mpaka zikhale pa mzere. Ine ndinataya mwina mphindi 20 pa nambala ya chitupa yokha chifukwa fomuyo inali ndi timabokosi ta chilembo chimodzichimodzi.

Siginecha yeniyeniyo musaijambule foni ili chiimire, imatuluka ngati mwana wa Sitandade 1 akuphunzira kulemba. Igonekeni foni chammbali kuti malo akule, mulembe pang'onopang'ono, ikapanda kufanana ndi yanu fufutani muyambirenso. Njira yomwe ine ndimakonda ndi kusaina ndi bolopeni yakuda pa pepala loyera lopanda mizere, nkulijambula panja masana pamthunzi, chifukwa babu la mnyumba limasiya chikasu ndipo siginecha imabwera ndi kabokosi kotuwa kozungulira. Mu Acrobat Reader mukasankha Add Signature pamakhala mwayi wojambula ndi chala, kutenga chithunzi chomwe chili kale mu foni, kapena kamera. Mukamaliza fufutani chithunzicho mu galare. Foni zathuzi timabwerekana, mwana akuonerapo makatuni, mlamu akuimbirapo, ndipo foni yopanda loko yokhala ndi siginecha yosungidwa ili ngati cheke chosaina kale chomwe mwasiya pa tebulo.

Tsopano pomwe ndinapsa paja. Musasaine tsamba lomaliza lokha. Pa tsamba lililonse pansi pakona ikani zilembo zoyamba za maina anu, mu Acrobat Reader pali Add Initials pafupi pomwepo ndi pa siginecha, ndipo eni nyumba nawonso aike zawo. Ine ndinapitirira apo, pa tsamba losainira pamwamba pa siginecha yanga ndinataipa chiganizo chimodzi: ndasaina mgwirizano wa masamba 3, lendi yakuti pa mwezi kwa miyezi 12, dipoziti yakuti, notisi ya mwezi umodzi. Ndiye ngakhale wina achotse tsamba lachiwiri nkuikapo lina, tsamba lomwe lili ndi siginecha yanga likumutsutsa lokha. Madalawo anaseka pa foni kuti aphwanga mwachenjera liti, koma anasaina pansi pake.

Mboni nazo musazisiye chifukwa choti mukusainira pa foni. Mzere wa mboni umafuna munthu woti anakuonanidi mukusaina, ndiye mnzanga wa ku ntchito anali pambali panga, ndinampatsa foni yomweyo nkujambula yake ndi chala, kulemba dzina ndi deti. Kutumiza fayilo kwa munthu ali ku Kasungu kuti angoikapo dzina ngati mboni, tsiku la mlandu adzafunsidwa kuti munaona chani, adzasowa chonena. Mukamaliza onetsetsani kuti apu sinasunge siginecha ya mnzanuyo.

Mukatha kusaina pali kanthu kena komwe ambiri sadziwa. M'ma apu ena zomwe mwataipa ndi siginecha zimakhalabe zoyandama pamwamba pa tsamba, moti wolandirayo akatsegula atha kuzigwira nkuzisuntha, kuzifufuta, kapena osaziona nkomwe chifukwa apu yake sikuzionetsa, ndi zija munthu amakuimbira kuti mwanditumizira fomu yopanda kanthu pomwe inu mukuiona yodzaza. Kuyesa kwake nkosavuta: tsekani fayiloyo, itseguleni mu apu ina, mudine pa siginecha. Ikazunguliridwa ndi kabokosi ndiye kuti sinamatike. Kuti imatike, pa Android sankhani Print, pamwamba posankha pulinta musankhe Save as PDF, fayilo yatsopanoyo zonse zalowa mu tsamba. Koma dziwani malire ake, izi zimangoletsa kusuntha kwachisawawa, munthu wodziwa kompyuta athabe kusintha kapena kusinthanitsa masamba. Komanso musapange zimenezi pa fayilo yomwe yachokera ku DocuSign kapena yosainidwa ndi satifiketi, chifukwa kupulinta kotereku kumachotsa loko wa masamu uja nkutsala chithunzi chabe, imeneyo isungeni mmene yabwerera.

Kutumiza. Pa WhatsApp dinani kachizindikiro kophatikizira fayilo nkusankha Document, osati kutenga sikirinishoti ya tsamba lililonse. Zithunzi WhatsApp imazifinya kuti zisadye bandulo, timalemba ting'onoting'ono timafufutika, pomwe Document imapita mmene ilili. Ipatseninso dzina lomveka fayiloyo, lokhala ndi deti, osati lija apu imangopereka la manambala okhaokha, chifukwa mukakhala ndi mafayilo anayi ofanana maina ndi mmene zimayambira zija zinandichitikira.

Koma WhatsApp yokha sindimaikhulupiriranso pa nkhani ya umboni. Wotumiza atha kudina Delete for everyone mkati mwa masiku awiri oyambirira uthenga nkuchoka mbali zonse, ena anatsegula zoti mauthenga azifufutika okha, ndipo foni ikabedwa mu minibasi ya ku depoti mulibe bakapu zonse zapita. Ndiye fayilo yomaliza, ija yokhala ndi masiginecha onse, ndinaitumizanso pa imelo kwa madalawo ndi kwa mphwawo, mu uthengamo nkulembamo mawu omwe aja a masamba 3, lendi yakuti, miyezi 12, nkuwapempha ayankhe kuti ndalandira ndipo ndi yomweyi. Anayankha mawu awiri okha koma ndi okwanira. Apa mwaona kuti zinthu zitatu za lamulo zija zayamba kutsekeka: fayilo yachoka pa imelo yanga yomwe pasiwedi ndikuidziwa ndekha, deti ndi nthawi zalembedwa ndi Gmail osati ine, ndipo wina akabwera ndi pepala losiyana tingotsegula imelo ija mbali zonse nkufananiza. Ndi mbiri yomwe DocuSign imakupangirani yokha, kungoti apa mwaipanga pamanja mwaulere.

Nanga bwanji osangogwiritsa ntchito DocuSign yomweyo? Ngati eni nyumba kapena sukulu yakutumizirani linki, sainani, wosaina salipira kanthu ndipo ndi yolimba kuposa njira yapamanja ndafotokozayi. Wotumiza ndi amene amalipira akadutsa mafayilo ochepa aulere, ndipo malipiro ake ndi a ndalama zakunja pa khadi, ndiye mukudziwa kale mmene zilili nkhani za madola kuno. Ma apu ena amakukopani ndi masiku aulere koma atatenga kale nambala ya khadi, mukaiwala kuletsa amadula okha. Chinanso, mbiri ija imangotsimikiza kuti amene anasaina anali ndi imelo ija, siitsimikiza kuti munthuyo ndi mwini nyumba. Ndipo akuba amapanga ma imelo ofanana ndi a makampaniwa, linki ikakupemphani pasiwedi ya Gmail yanu kuti muone fayilo, tsekani pomwepo, muimbire amene akuti watumizayo.

Apa mpomwe ndalama zambiri zimatayikira mu Lilongwe muno. Ejenti waika zithunzi za nyumba yokongola pa Facebook, akuti eni ake ali kunja, anthu ambiri akuifuna, akutumizirani mgwirizano wooneka bwino wosaina kale ndi chidindo chomwe, mungosaina nkutumiza ya miyezi itatu. Fayilo yotere munthu atha kuipanga pa foni mu theka la ola. Siginecha, kaya ya chala kaya ya masamu, siingakuuzeni ngati nyumbayo ndi yake. Ine ndisanatumize kanthu ndinapita ndekha, kulowa mkati, kufunsa aneba kuti eni ake ndani, kuyankhula ndi madalawo pa vidiyo mphwawo ali pomwepo. Ndipo potumiza ndalama pa Airtel Money, Mpamba kapena ku banki, dzina lomwe likutuluka musanatsimikize lifanane ndi lomwe lili mu mgwirizano. Ngati akufuna ndalama ipite kwa mphwawo, zilembedwe mu mgwirizanomo ndi nambala yake. Uthenga wa malipiro uja, wokhala ndi nambala yake ya umboni, ndimaujambula nkuutumiza pa imelo yomweija kuti zonse zikhale pamodzi.

Akakupemphani kope ya chitupa chanu cha unzika, musatumize yoyera. Itseguleni mu apu yomweyo nkutaipa modutsa pakati kuti kope iyi ndi ya lendi ya nyumba yakuti, deti yakuti, mosaphimba dzina ndi nambala, nkuimata ndi Save as PDF ija. Chitupa choyera kuphatikiza siginecha yoyera ndi zomwe munthu amafuna kuti akachite zinthu mdzina lanu.

Za kusukulu ndi zopepukirapo, chifukwa fomu yololeza mwana kupita pa ulendo kapena yolembetsera malo nthawi zambiri sipakhala wokangana naye. Chomwe chimavuta kumeneko ndi china. Funsani kaye ku ofesi ngati amalandira ya pa foni, masukulu ena amafunabe inki, ndipo palibe phindu kukangana ndi alembi za lamulo la 2016 mwana akudikira malo. Pomwe pakufunika chidindo cha ahedi, cha kuchipatala kapena cha amfumu, apu ilibe chochita, mupulinta ndithu, adinde, kenako musikane. Chimodzimodzi zikalata zolumbira, zimafuna muonekere pamaso pa wolumbiritsayo, ndipo kugula malo kapena kusintha umwini wa nyumba kumadutsa ku ofesi ya za malo ndi njira zake, musazitenge ngati lendi. Fomu ikati kholo kapena womuyang'anira ndiye asaine, tumizani fayilo kwa khololo lisaine lokha pa foni yake, osati mwana kumata siginecha ya amake yomwe anaijambula chaka chatha, ngakhale amakewo atavomera pa foni.

Chomaliza chomwe chimagwetsa anthu ulesi ndi pokweza fayilo pa webusaiti ya sukulu, yakana, akuti yakula. Kawirikawiri ndi chifukwa mwasikana ndi mitundu yonse pa kamera yamphamvu, tsamba limodzi nkudya ma MB angapo pomwe malire mwina ndi 2 MB. Sikanani mwa zakuda ndi zoyera kapena zotuwa, imatsika kwambiri, kenako muikulitse pa sikirini muone ngati chidindo ndi manambala zikuwerengeka musanatumize. Ndimapewa mawebusaiti aulere ochepetsera mafayilo ngati muli chitupa kapena satifiketi ya mwana, chifukwa fayiloyo imakakhala kaye pa kompyuta za anthu osawadziwa.

Mwezi wathawu mphwawo uja anabweranso, akuti malume akufunsa ngati notisi si miyezi itatu. Sindinayankhe zambiri, ndinangotsegula imelo pa foni nkumuonetsa tsamba lachitatu, chiganizo chija chili pamwamba pa siginecha ya malume ake, nkumuuza kuti atsegulenso yake poti nayenso ndinamutumizira. Anaipeza, anawerenga, nkufunsa ngati ndingamuonetse mmene ndinaikira zilembo zija pakona, akuti pali tenanti wina akulowa ku nyumba ya kuseri.